Njala ya 1949 m'maso mwa mwana: ndithandizeni

Nabanda: Aphunzitsi anzanga, ndikulemba nkhani yaifupi yowerengera ana m'kalasi pa mutu wa ulamuliro wa atsamunda. Wosimba ndi kamtsikana ka zaka 9 ka ku Lunzu, pa njala ya 1949. Ndikufuna ana amve chomwe chinabweretsa njalayo, koma ndikangoika zifukwazo m'kamwa mwa mwanayu akumveka ngati bwanamkubwa. Ndime yomwe yandikhalira bwino ndi iyi yokha: "Amayi anasiya kusinja masana. Ankasinja usiku, pang'onopang'ono, kuti a kuseri asamve." Ndipitirize bwanji?

Bambo Chirwa: Mayi, ndime imeneyo ndiye njira yanu. Mwana sadziwa kuti mvula yadula chigawo chonse cha kummwera. Iye akuona chimanga chikufota chisanamasule, ndipo nsima yasanduka phala la madeya. Akuonanso chidyerano chitatha: mabanja amene ankadyera pamodzi pabwalo, aliyense akudyera m'nyumba chitseko chili chotseka. Chachikulu, bambo ake achoke. Amuna ambiri a m'boma la Blantyre anapita kukasuma chakudya ku Ntcheu, ku Neno ndi ku Mozambique, ena osabwereranso, n'kukakwatira komweko. Mwanayo azingofunsa kuti abwera liti. Za Maize Control Board, bungwe la boma limene linkayang'anira malonda a chimanga, ndi bwanamkubwa wa nthawiyo, Colby, muzisunge, mudzazifotokoze nokha ana akafunsa kuti boma linali kuti.

Nagama: Muikemo mzere wa pa ADMARC. Ife mu 2002 tinkagona pamenepo ndi amayi, thumba lili m'manja, kukacha n'kuuzidwa kuti chatha. Ndimakumbukabe fungo la zitsinde za nthochi zikuwira.

Bambo Chirwa: Pepani kwambiri mayi, munaona zowawa. Mzere unalipodi, poti boma linkagawa ndi kugulitsa chakudya, koma ADMARC inabwera mu 1971, chaka chomwe kwacha inayamba. Mwanayu agwire mapeni ndi mashereni. Zofukula m'tchire zinalipo, monga mpama, umene ukapanda kuphikidwa mokwanira umapweteka anthu.

Che Saidi: Ine ndikuti mwanayo amwalire kumapeto. Ana amvetse kuti njala imapha.

Nabanda: Apo ndikukayika, achimwene. Akamwalira asimba ndani? Komanso m'kalasi mwanga muli ana amene amabwera osadya, sindikufuna kuwaswa mtima. Ndimaganiza kuti kamng'ono kake katupe miyendo, amayi akanyamule kupita kumsasa kumene ankadyetserako ofooka, koyambirira kwa 1950, chimanga chatsopano chisanakhwime.

Che Saidi: Ndiye kabwerako kapena ayi? Ana adzakufunsani zimenezo.

Nagama: Musanasankhe, pezani agogo a kwanuko amene anaona njalayo ali ana, kapena amene anamva kwa amayi awo. Afunseni nyimbo zimene ankaimba pamtondo chaka chimenecho.

Nabanda: Alipo awiri kutchalitchi kwathu, ndikawaona Lamlungu. Za kamng'onoko sindinasankhebe.