Balanseti yanga ikusiyana ndi 5,400, vuto lili pati?

Wofunsa, ku Ulongwe:
Moni nonse pagulu pano. Ndikuchita kosi ya zowerengera ndalama ndipo mayeso ali pafupi. Mnzanga wandijambulira pa foni pepala la mayeso akale, koma chithunzicho chada mbali imodzi, ndiye ndingolemba funsolo apa. Akuti munthu watsegula golosale ndi mpamba wa metikali 80,000 womwe waika mu kaisha. Wapikula katundu wa 45,000 pa ngongole. Wagulitsa wa 32,000 ndalama pompo, wina wa 18,000 pa ngongole. Wabweza 20,000 kwa womupikulitsa uja, walipira lendi 6,500, kasitomala wa ngongole wabweza katundu wa 2,700, ndipo mwini golosale watapa 5,400 kukagwiritsa ntchito kunyumba. Akufuna tilembe makonta onse mu razawu, buku la makonta lija, kenako titulutse balanseti yoonetsa ngati debitu ndi kireditu zikulingana. Ine debitu ikundipatsa 152,300 pomwe kireditu 157,700. Akuluakulu, ndithandizeni.

Wa ku Zobwe:
Achimwene, yankho mwalilemba nokha. Zikusiyana ndi 5,400, ndipo 5,400 ndi ija mwiniwake watapa. Mwaichotsa mu kaisha koma simunaitsegulire konta yake ku debitu. Ambiri amagwa pomwepo.

Wofunsa:
Iyo ndaiika, ili ku debitu. Ndaonanso kawiri.

Mayi a ku Domwe:
Ife aphunzitsi athu ankati kusiyana kukagawika ndi 9 ndiye kuti watembenuza manambala, ngati kulemba 63 mmalo mwa 36. Ndiye 5,400 kugawa ndi 9 ndi 600 ndendende. Onaninso mmene mwakoperamo.

Bambo wosunga mabuku, ku Tete:
Nonse awiri njira zanu n'zoona, kungoti pa funso ili zikusocheretsa, ndipo ndikuganiza kuti wolemba mayesoyo anasankha manambalawa mwadala. Musangoyang'ana kusiyanako, yang'ananinso kuti mbali iliyonse yakwana zingati.

Tiyambe ndi kireditu chifukwa ili ndi makonta ochepa. Mpamba 80,000. Zogulitsa, 32,000 ndi 18,000, ndi 50,000. Womupikulitsa anali ndi 45,000, walandirapo 20,000, yatsala 25,000. Zonse pamodzi 155,000. Inu mwapeza 157,700, kutanthauza kuti mbali imeneyi mwalowa mlendo wa 2,700. Akanakhala kuti waiwala ndalama yotapa ija monga akunenera a ku Zobwe, kireditu ikanakhalabe 155,000, debitu n'kukhala 149,600. Si zomwe watiuza.

Nambala ikakhala mbali yolakwika imapweteka kawiri: imasowa komwe inayenera kukhala, n'kuwonjezera komwe yapita. N'chifukwa chake kusiyana kukapezeka mumayamba mwakugawa ndi 2. Theka la 5,400 ndi 2,700, katundu wobwezedwa uja. Mng'ono wanga, katunduyo mwamuika ku kireditu eti?

Za 9 zija, mayi, kuti kutembenuza kubale 5,400 pafunika manambala awiri oyandikana osiyana ndi 6, ngati 7,100 ndi 1,700 kapena 8,200 ndi 2,800. Pa funsoli palibe zotere.

Wofunsa:
Eya bambo, ali ku kireditu. Ndinkaganiza kuti poti ndi nkhani ya zogulitsa, apite mbali yomwe zogulitsa zili. Nanga si mu konta ya kasitomala ndalembanso 2,700 ku kireditu?

Bambo wosunga mabuku:
Ya kasitomala mwalemba bwino, chifukwa ngongole yake yachepa, kuchoka pa 18,000 kufika pa 15,300. Koma ndiye onani, mwalemba kireditu kawiri pa chinthu chimodzi, debitu palibe. Kubweza katundu ndi kumasula malonda omwe anachitika. Pogulitsa munalemba kasitomala ku debitu, zogulitsa ku kireditu, ndiye pobweza zimayenda chambuyo: kasitomala ku kireditu, zobwezedwa ku debitu.

Debitu yanu ikhale motere. Kaisha analandira 80,000 ndi 32,000, zomwe ndi 112,000, n'kutulutsa 20,000, 6,500 ndi 5,400, watsala ndi 80,100. Onjezani zogula 45,000, kasitomala 15,300, zobwezedwa 2,700, lendi 6,500 ndi zotapa mwiniwake 5,400. Mupeza 155,000, kufanana ndi kireditu.

Mlongo wa ku Mowatize:
Bambo, ine yomweyo ndaiwerenga ndapeza 152,300 mbali zonse ziwiri, ndipo yalingana bwinobwino. Sindinatsegule konta ya zobwezedwa, 2,700 ndaiika ku debitu mu konta ya zogulitsa momwemo, saludu yake n'kutsala 47,300. Ndiye ndalakwa?

Bambo wosunga mabuku:
Simunalakwe masamu achemwali, phindu lidzatuluka lofanana. Chomwe mwataya n'choti woyang'ana balanseti sadzaona kuti katundu anabwezedwapo. Ine kuntchito ndimasiyanitsa, chifukwa bwana amafuna kudziwa kuti zobwerera zikuchuluka bwanji. Pa mayeso zimatengera mmene funso lanenera. Ngati pepalalo lapereka mndandanda wa makonta oti mutsegule, tsatirani umenewo.

Mlongo wa ku Mowatize:
Wathu mphunzitsi amavomera zonse ziwiri bola uonetse ntchito yako. Za ena sindinganene.

Wa ku Furankungo:
Pepani kulowerera. Ine ndili ndi kagolosale kanga, ndimapikula ku Tete. IVA ija ya 16% pa nkhani ngati iyi imalowa pati? Komanso amene amabweza shuga atatsegula kale paketi mumatani nawo?

Mayi a ku Domwe:
Bambo inu funso lake silinatchule msonkho, musamusokoneze mwana. Wa shugayo mukanizeni basi.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri, tsopano yalingana pa 155,000. Koma pali china. Ndakulitsa chithunzi chija, pa lendi sipakuoneka bwino, mwina ndi 6,500 mwina 8,500. Poti balanseti yalingana ndi 6,500, ndiye kuti ndi yomweyo eti?

Wa ku Zobwe:
Inde, ikalingana ndiye kuti zonse zili bwino.

Bambo wosunga mabuku:
Ayi, pamenepo pokha ndikana. Yesani 8,500 muone. Lendi ikwera ndi 2,000, kaisha atsika ndi 2,000 kufika pa 78,100, ndipo zonsezi zili mbali imodzi ya debitu. Mupezanso 155,000 yomweyo. Balanseti imangokuuzani kuti chomwe mwalemba uku mwalembanso uko. Nambala yolakwika yolembedwa mbali zonse ziwiri siiona. Mukaiwala lendiyo kotheratu ilinganabe. Mukailemba mu konta ya zogula, ilinganabe.

Pali pamodzi pomwe mungagwirire. Balanseti yomwe ambiri tinaphunzira kuno imakhala ndi mizati inayi, iwiri ya zonse zomwe zayenda ku debitu ndi ku kireditu, iwiri ya masaludu. Mizati ya zoyendayo iyenera kufanana ndi zonse za mu diyariyo, buku lija timayambira kulembamo chochitika chilichonse. Mukaphatikiza zochitika zonse 8 ndi lendi ya 6,500 mupeza 209,600 mbali iliyonse, koma ndi 8,500 ikhala 211,600. Ndiye ngati mnzanuyo ali ndi mayankho ake, mufunseni nambala ya mizati imeneyo kapena saludu ya kaisha, osati 155,000.

Wofunsa:
Mayankho alibe, pepalalo naye anachita kubwereka. Ndamuuza ajambulenso panja masana, osati ndi tochi. Pepalalo lili ndi funso lachiwiri lomwe akupereka balanseti yosalingana n'kunena kuti titsegule konta yosungira kusiyanako, koma mizere iwiri yomaliza yadulidwa pa chithunzi.

Mlongo wa ku Mowatize:
Akatumiza muike pano, imeneyo nanenso imandivuta. Makamaka kuti kusiyanako ukuika mbali iti poyamba.

Wa ku Zobwe:
Mbali yomwe yaperewera. Koma tidikire funsolo kaye.