K260,000 ya chikwangwani ndi masitika: ndilipire kapena ndisiye?

NaBanda25: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kashopu ku Eliya 25, ndimagulitsa chiponde ndi uchi. Mnyamata wina wosindikiza zinthu m'tauni wandipangira dizaini ya chikwangwani cha mamita 2 mulitali, masentimita 60 mulifupi, kuphatikiza masitika 500 omata pa mabotolo. Zonse akuti K260,000. Zilembo zake ndi zopotanapotana ngati za pa khadi la ukwati, zagolide pa bulauni, pa foni zikuoneka bwino zedi. Koma shopu ili mkati pang'ono, mamita ngati 30 kuchokera pamsewu. Ndilipire?

Madala a ku Kawale: Musayerekeze mayi. Ine anandidyera ndalama anyamata amenewa. Bana yanga ya zilembo zofiira, dzuwa la Okutobala litangoiwomba inasanduka pinki, kenako dzina la shopu linangosowa. Nditabwerera akuti "ndi nyengo bwana". Nyengo! Mpaka lero ndikamadutsa pamalo pawo ndimayang'ana kumbali.

Bigi Jo: K260,000 mukudandaula? Changa cha ku Eliya 47 ndinalipira kuposa miliyoni, choyaka usiku, zilembo zotuluka kunja. Zinthu zabwino sizitchipa achemwali.

Tadala: Magetsi akazima chimayakanso?

Bigi Jo: Tili ndi sola aise.

Phiri Wazikwangwani: Mayi, musanakambe za mtengo, tiuzeni mizere ilipo ingati pa dizainiyo.

NaBanda25: Isanu ndi iwiri. Dzina la shopu, chiponde, uchi, nsinjiro, manambala awiri a foni, ndi vesi pansi pake.

Phiri Wazikwangwani: Vuto ndi limenelo, osati mtengo. Masentimita 60 mukawagawa mizere isanu ndi iwiri, n'kusiya mipata, chilembo chilichonse chikhala cha masentimita 6 basi. Ife pantchito timawerengera chonchi: sentimita imodzi ya kutalika kwa chilembo imawerengeka mosavuta pa mtunda woposa pang'ono mita imodzi. Munthu wa maso akuthwa, ataima n'kuyang'anitsitsa, akhoza kuiwerenga pa mamita atatu ndi theka, koma pamenepo ndiye pothera. Ndiye zilembo zanu za masentimita 6 ziziwerengeka bwino pa mamita 7, movutikira pa mamita 20. Inu msewu uli pa 30. Kasitomala wanu ali pa kabaza kapena m'minibasi, sayima kuti atsinzine diso limodzi.

Pa mamita 30 mukufunika zilembo za masentimita 25. Mawu akuti CHIPONDE ali ndi zilembo 8, pa msinkhu umenewo atenga pafupifupi mita imodzi ndi theka, akwana bwinobwino. Pansi pake mzere umodzi, "Uchi ndi Nsinjiro", wa masentimita 12. Basi. Manambala a foni amateni pachitseko, owafuna afika pafupi.

NaBanda25: Vesi ndiye ndisachotse achimwene.

Phiri Wazikwangwani: Likhomeni mkati, pamwamba pa kauntala. Akaliwerenga akudikira chenji.

Chisomo K: Chiponde chake botolo lalikulu ndi zingati? Mumafika ku Biwi?

Aphunzitsi Mwale: Lamulo ndi limodzi: zilembo zikuluzikulu zokhazokha, zonenepa kwambiri. Ndi zimene zimaoneka patali. Izi ndaphunzitsa ana pa bolodi zaka zambiri.

Phiri Wazikwangwani: Pa mawu amodzi ngati CHIPONDE ndikuvomereza aphunzitsi. Koma taonani zikwangwani zolozera njira pa M1, zalembedwa "Kasungu", "Dedza", chachikulu choyamba chokha. Maso amagwira msanga maonekedwe a dzina lonse pamene zilembo zina zakwera, zina zatsika. Buku la zikwangwani zamumsewu la SADC limagwiritsa fonti ya DIN 1451, yopanda tokongoletsa m'mapeto. Kunenepanso kuli ndi malire. Mzere wa chilembo ukhale ngati gawo limodzi mwa magawo asanu kapena asanu ndi limodzi a kutalika kwake. Mukapitirira, timabowo ta mu O, P ndi D timatsekeka, patali mumangoona zibuluma zakuda. Ndipo mawu akakana kukwana musalole kuti awafinye pa kompyuta, mizere yoimirira imawonda mpaka kusowa.

Aphunzitsi Mwale: Komabe zikuluzikulu zimapatsa ulemu.

Gift wa ku Mchesi: Inu mukuvutikiranji? Gulani lata losalala, penti yachikasu ndi yakuda, muitane wolemba pamanja. Kwathu kuno K45,000 watha, ndipo penti yamafuta siisuluka msanga ngati bana.

Tadala: K45,000 ya chaka chiti? Penti yokha panopa mwaifunsa?

Madala a ku Kawale: Olemba pamanjawo ndiye ena. Wa mlamu wanga analemba bwinobwino, atafika kumapeto malo anamuthera, zilembo zitatu zomaliza anazipanikiza pakona. Onse ndi amodzi.

Gift wa ku Mchesi: Mumayamba mwamuuza alembe ndi choko madala, mukavomereza ndiye penti.

Mercy Zamabotolo: Nonse mwathamangira chikwangwani, pomwe ndalama zingatayike kwambiri pa masitika 500 aja. Ine ndimapakira tsabola m'mabotolo, nkhani iyi ndimaidziwa. NaBanda, mufunseni mnyamatayo kuti zosakaniza ndi tsiku lothera ntchito wazilemba ndi fonti yanji, saizi yanji. Akanena kuti 6 musangovomera, chifukwa 6 wa fonti ina si 6 wa inzake. Pa saizi 6, "a" kapena "e" wa Times New Roman safika milimita imodzi, wa Verdana amapitirira pang'ono. Ku Ulaya malamulo a zakudya amati tizilembo timeneti tisachepere milimita 1.2 pa paketi wamba. Ine ndimatsatira muyeso womwewo, Arial saizi 7 imaufika.

Chachiwiri, mawu ang'onoang'ono agolide kapena oyera pa bulauni ayi. Inki yakuda imafalikira pang'ono n'kudya timizere towonda, 8 amaoneka ngati 3, ndiye kasitomala akubwezerani botolo akuti linatha ntchito. Golide wa pa foni pa sitika wamba amatuluka ngati chikasu chakuda. Mbali ya zosakaniza ikhale yoyera, zilembo zakuda, mizere yotalikirana pang'ono. Zopotana zija zisiyeni pa dzina lokha.

Bigi Jo: Ndani amawerenga zimenezo? Anthu amagula kukongola.

Mercy Zamabotolo: A MBS amawerenga. Mayi amene mwana wake amadana ndi mtedza kapena soya amawerenganso.

Tadala: Kapena ingogulani kapulinta kamasitika kaja kosafuna inki, muzisindikiza nokha. Ndinakaona pa K150,000.

Gift wa ku Mchesi: Ndi K90,000 kameneko.

Mercy Zamabotolo: Kamathandiza pa deti ndi mtengo basi. Tambiri timaika timadontho 8 pa milimita, zilembo zowonda zimatuluka zodukaduka. Pepala lake limadanso ndi dzuwa komanso mafuta, ndiye pa chiponde ganizani kawiri.

Phiri Wazikwangwani: Musanapereke ngakhale dipoziti, mupempheni asindikize chilembo chimodzi pa A4, msinkhu wake weniweni, mtundu wake womwewo. Mukachimate pakhoma la shopu, mupite kumsewu chakumadzulo dzuwa likukuthobwani m'maso. Sitika imodzinso aitulutse pa saizi yeniyeni, muikulunge pa botolo, mupatse munthu wachikulire awerenge deti. Golide pa bulauni ndi fumbi la ku 25 ndikukayika ngati muona kanthu.

NaBanda25: Ndamuimbira. Akuti kusintha dizaini ndi K30,000 ina, komanso zilembo zosapotana ndi "zachimidzi".

Madala a ku Kawale: Ndinanena ine.

Bigi Jo: Ndikupatseni nambala ya wanga?

Gift wa ku Mchesi: Wa miliyoni uja? Mayi bwerani ku Mchesi Loweruka, lata mugule nokha.

NaBanda25: Nanga masitika alembanso pamanja?

Chisomo K: Mtengo wa chiponde uja simunandiyankhe.