Ndingamufunse bwanji bwana popanda kuoneka ngati ndikumukayikira?

Akuluakulu amene mwakhalitsa pa ntchito yofufuza mabuku a ndalama, ndithandizeni nzeru. Ndine wamng'ono pagulu lathu, ndipo andipatsa gawo la ngongole za makasitomala a kampani imene tikuifufuza.

Ndapeza ma invoisi akuluakulu atatu olembedwa pa 30 Disembala, koma zikalata zotumizira katundu zikusonyeza kuti katunduyo anatuluka pa 6 Januwale. Chaka cha kampaniyo chimatha pa 31 Disembala. Manijala wa zachuma akuti makasitomalawo anapempha okha kuti katundu wawo asungidwe kaye, choncho malonda anali atachitika kale. Zimenezi zimachitikadi, ndipo bamboyo amayankha mwaulemu. Chikundivuta n'chakuti popanda ma invoisi atatuwa phindu la chaka silikanafika pa mlingo umene anaikiridwa, komanso palibe kalata ya kasitomala ngakhale imodzi m'failo.

Ndikudziwa kuti ISA 500, ndondomeko yonena za umboni pofufuza mabuku, imati kufunsa kokha nthawi zambiri si umboni wokwanira. Ndiye ndikuganiza zopempha mgwirizano wa malondawo, kuona ngati katunduyo anapatulidwa pa tsiku lowerenga katundu, ndi kulembera makasitomalawo kuti atsimikize okha. Ndiyang'anenso ngati analipira mu Januwale, kapena ngati ma invoisiwo anadzafafanizidwa.

Koma kodi ndiyambe ndabwerera kwa manijalayo, kapena ndikauze kaye wondiyang'anira? Ndipo mumanena mawu otani popempha umboni kwa munthu wamkulu chotere, kuti asamve ngati mukumutcha wabodza? Akadzati makasitomala asalemberedwe, inu mumatani?