Za mwana amene ankakana kupita kusukulu

"Mwana wanga wa Giredi 11 sagona, ndipo m'mawa amadandaula m'mimba. Nditani?" Ndinafunsa choncho mwezi watha, kuno ku Johannesburg.

Amayi anzanga, kukiliniki sanapeze matenda. Nesi anangofunsa kuti m'mimbamo mumapweteka liti. Tinazindikira kuti Loweruka simupweteka, mumayamba Lamlungu usiku gulu la kalasi pa WhatsApp likayamba kuonetsana mamakisi. Kuno mayunivesite amayamba kusankha ana poona zotsatira za Giredi 11, ndiye iye ankaona ngati watsalira kale.

Kumulanda foni ndinakana, chifukwa homuweki imabwera pomwepo. Tinagwirizana kuti azitseka phokoso la gululo, foni izigona kukhitchini ikakwana 9 koloko. Tsopano akugona, ngakhale mayeso akayandikira m'mimba mumabwereranso. Aphungu a kusukulu akumuonabe Lachitatu lililonse.