Kodi maketi kapu ndi mtengo wogulira kampani yonse? Nanga ngongole zake zili pati?

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndakhala ndikusunga kangachepe ndipo ndikufuna kugula masheya koyamba. Pa ndandanda wa makampani a pa Malawi Stock Exchange pali gawo lolembedwa kuti Market Cap, ndipo manambala ake ndi mabiliyoni okhaokha. Alamu anga akuti nambala imeneyo ndi mtengo wogulira kampani yonse, ndiye ndisankhe ya nambala yaing'ono chifukwa ndiyo yotchipa. Koma mnzanga wina kuntchito akuti si zoona, pamafunika kuwonjezerapo ngongole. Apa ndi pomwe mutu waima. Ngongole ingakweze bwanji mtengo wa chinthu? Ine ndimadziwa kuti ngongole imatsitsa.

Bambo a Tadala:
Aphunzitsi, maketi kapu ndi ndalama zimene kampani inatolera kwa anthu pogulitsa masheya. Zili m'thumba la kampani. Ngongole musaziganizire, zimenezo ndi za mabwana oyendetsa kampani.

NaPhiri Wowerengera Ndalama:
Bambo a Tadala, pepani ndikukonzeni pang'ono. Si ndalama zotolera ayi, ndipo sizili m'thumba la aliyense. Mumatenga mtengo wa sheya imodzi lero, n'kuchulukitsa ndi masheya onse amene kampaniyo ili nawo, ogulitsidwa kwa anthu ndi omwe eni ake akuluakulu asunga.

Taonani za Airtel Malawi pamene inkalowa pamsika mu 2020. Sheya imodzi inali K12.69, ndipo masheya onse analipo mabiliyoni 11. Kuchulukitsa kumapereka pafupifupi K139.6 biliyoni. Koma omwe anagulitsidwa kwa anthu anali mabiliyoni 2.2 okha, gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo ndalama zake zinali pafupifupi K27.9 biliyoni. Mwaona kutalikirana kwa manambala awiriwo. Mawa sheya ikakwera ndi kwacha imodzi, maketi kapu ikwera ndi K11 biliyoni ngakhale kuakaunti ya kampani sikunalowe ndi tambala yomwe.

Funso la aphunzitsi la ngongole ndiyankha ndikaweruka.

Chimwemwe wa ku Joni:
Ine ndili mbali ya aphunzitsi. Munthu wa ngongole ndi wosauka kuposa wopanda ngongole. Ndiye ngongole tizichotsa, osati kuwonjezera. Mnzawo wakuntchitoyo wasokoneza.

NaPhiri Wowerengera Ndalama:
Achimwene a ku Joni, maganizo anu ali bwino, kungoti ngongoleyo inachotsedwa kale. Mukaichotsanso mwaichotsa kawiri.

Tiyerekeze ndi chigayo, manambala ndangopeka kuti timvane. Chigayo chili pamalo abwino, ndipo poona ndalama zimene chimalowetsa, anthu akugwirizana kuti bizinesi yakeyo ndi ya K12 miliyoni. Mwini wake ali ndi ngongole ya K5 miliyoni kubanki imene anagulira injini, komanso muakaunti ya chigayo muli K1 miliyoni. Inu mukufuna kutenga zonse monga zilili, ngongole ndi akaunti yomwe. Mumupatsa zingati? Simungamupatse 12, chifukwa banki ikubwera kwa inu. Mumupatsa 12 kuchotsa 5 kuwonjezera 1, ndiye kuti K8 miliyoni.

K8 miliyoniyo ndi gawo la mwini, ndipo pa kampani ya pamsika ndiyo maketi kapu. Anthu ogula masheya amadziwa kuti obwereketsa amalandira poyamba, iwo amadya zotsala, choncho mtengo umene amapereka ndi wa zotsalazo.

Tsopano bwererani chammbuyo. Mwatulutsa 8, mwasenza ngongole ya 5, mwapeza 1 muakaunti. Chigayo chakudyerani 12. Nambala iyi pa masamba a zachuma amailemba kuti Enterprise Value kapena EV:

EV = maketi kapu + ngongole − ndalama zimene kampani ili nazo

Ndiye ngongole sinakweze mtengo wa chigayo. Chigayo ndi cha 12 basi. Ngongole yangosonyeza kuti chigawidwa pakati pa anthu awiri, mwini ndi banki.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Mayi NaPhiri, apa kwayamba kuyera. Ndiye kukhale chigayo china chofanana ndendende, chopanda ngongole komanso chopanda ndalama muakaunti, mwini wake afuna 12. Alamu anga akanati cha 8 chija ndiye chotchipa, pomwe zonse zikudya 12?

NaPhiri Wowerengera Ndalama:
Mwalasa. Ndipo cha 8 chija chili ndi chiopsezo chokulirapo. Magetsi akavuta chaka chonse, bizinesi n'kutsika kufika pa 9, banki ifunabe 5 yake yathunthu. Mwini wopanda ngongole watsika kuchoka pa 12 kufika pa 9. Wangongole uja watsika kuchoka pa 8 kufika pa 5. Onse ataya 3, koma wina wataya gawo limodzi mwa anayi, winayo wapitirira gawo limodzi mwa atatu. Zikayenda bwino ndiyenso wangongole amapindula kwambiri, n'chifukwa chake makampani amabwereka.

Zimachitikadi pa malonda enieni. Mu 2016 kampani ya mafoni ya ku America ya AT&T inalengeza kuti igula kampani ya mafilimu ndi wailesi za kanema ya Time Warner pa madola 107.50 sheya imodzi. Nyuzipepala zina zinalemba madola mabiliyoni 85.4, zina 108.7. Palibe amene ananama. Yoyamba inali ya eni masheya, yachiwiri inaphatikiza ngongole za Time Warner atachotsapo ndalama zimene inali nazo.

Mayi Awiri:
Nkhani imeneyi yandikhudza. Ine ndinagula okala ya munthu wina pamsika kwathu, tinagwirizana mtengo wa katundu ndi mashelefu, ndinalipira. Patatha milungu iwiri kunabwera wa holoselo ndi kabuku, akuti okalayi ili ndi ngongole ya shuga ndi sopo. Mpaka lero tikukokanakokana. Kodi pamenepa ndilipire ine?

Bambo a Tadala:
Mayi Awiri, zimenezo zitengera zomwe munalemberana. Ngati munagula katundu yekha, ngongole ndi ya amene anasaina. Pitani ndi pepala lanu kwa wodziwa malamulo. Koma Mayi NaPhiri, ndavomera kuti ndinaphonya, tsono ndifunse. Pamsika wathu makampani ambiri akuluakulu ndi mabanki, National Bank, Standard Bank, NBS, FDH. Ndalama zimene ife timasungitsa ndi ngongole kwa iwo. Tiziwonjezeranso?

NaPhiri Wowerengera Ndalama:
Ayi bambo, pa mabanki njirayi siigwira. Kwa chigayo ngongole ndi njira yogulira injini, koma kwa banki ndalama za anthu ndiye chimanga chogayacho. Mukaziwonjezera mupeza nambala yaikulu yosakuuzani kanthu. Pa banki anthu amayerekeza maketi kapu ndi phindu la pachaka, kapena ndi chuma cha eni chimene chalembedwa m'mabuku. EV isungireni makampani ngati a shuga, a mafoni ndi a mahotela.

Chimwemwe wa ku Joni:
Ndamva za kuchotsa kawiri. Koma ndikadali ndi chikaiko. Mtengo wa sheya ndi wa lero, pomwe ngongole mukuitenga mu lipoti la miyezi ingapo yapitayo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kampani yokhala ndi ngongole ya madola inadzuka ngongole itafufuma, lipoti likunenabe zakale. Komanso kwathuko masheya ena amatha masiku osagulidwa. Munthu mmodzi akagula ochepa pamtengo wokwera, mukuchulukitsa mtengo umenewo ndi mabiliyoni onse. Nambala yotere tiikhulupirire?

NaPhiri Wowerengera Ndalama:
Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo ndilibe mankhwala ake athunthu. Chimene ndimachita ndi kutenga lipoti laposachedwa, ngakhale la theka la chaka, n'kuwerenga mawu ofotokozera kumapeto kuti ndione ngongole ili mu ndalama yanji. Ngakhale ife owerengera sitigwirizana zonse. Ena amaika lendi ya zaka zambiri ya nyumba ndi nsanja za mafoni m'gulu la ngongole, ena amaisiya, ndipo EV imasiyana malinga ndi amene wawerengera.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Zikomo nonse. Ndatsitsa malipoti a makampani awiri amene ndimawaganizira. Pa tsamba la katundu ndi ngongole ndapeza ngongole zalembedwa pawiri, zobweza chaka chino ndi za nthawi yaitali. Ndiphatikize zonse? Nanga ndalama zimene kampani sinalipire ogulitsa katundu, ngati wa holoselo wa Mayi Awiri uja, zilowe kapena zitsale?