Chaona mnzako chapita: went kapena has gone?

Make Awiri: Abale thandizeni. Mwana wanga wa Fomu 2 amupatsa mwambi uja wa chaona mnzako chapita mawa chiona iwe kuti aumasulire m'Chingerezi, iye walemba went, amalume ake akuti ayi ndi has gone, akangana mpaka nsima kuzizira. Olondola ndani apa?

Wa ku Dedza: Agogo anga ankaunena tikamaseka mnzathu amene waterereka ndi ndowa kuchitsime. Chapita ndiye kuti zatha basi. Went. Mwanayo wakhoza.

Aphunzitsi Opuma: Ayi achimwene, zikanakhala zakale bwenzi tikuti chinapita kapena chidapita. Taganizani za mlendo. Akakuuzani kuti malume abwera ndiye kuti alipo, thamangitsani nkhuku. Koma akati malume anabwera mwina anabwerera kale kwawo. Ka -a- kameneka kamanena chinthu choti chachitika koma zotsatira zake zikadalipo, ndiye Chingerezi chake has come, has gone. Tsoka lachoka pa mnzako ndipo pano likuyenda, n'chifukwa chake mawa likupeza iwe. Mukaika went chenjezo lija latha mphamvu.

Wa ku Joni: Aaa ndiye nzophweka, paliponse pali -a- tiziika has basi.

Aphunzitsi Opuma: Musathamange. Tikati basi yafika 6 koloko m'mawa Chichewa chili bwinobwino, koma Chingerezi chimakana has mukangotchula nthawi yoti yadutsa, pamenepo ndi arrived. Komanso ndatopa, ndakhuta, wakwiya, izi zimanena mmene munthu alili panopa, ndatopa ndi I am tired. Moti ngakhale chapita wathuyu wina atha kulemba is gone ine sindingamuchonge molakwa.

Wa ku Dedza: Ine ndikuti went. Agogo ankanena ndowa itasweka kale, madzi atauma, zotsatira zake ziti?

Nachisale: Kwathu timati mawa chili pa iwe, osati chiona iwe. Aphunzitsi a mwanayo aukopera pati mwambiwu?

Wa ku Joni: Zonse ziwiri zimanenedwa anachisale, funso si limenelo kkkk

Wa ku Dedza: Ndipo vuto ndi ana a masiku anowa, -da- sakumudziwa nkomwe, za dzulo -na-, za nthawi ya Kamuzu -na-, ukati adapita akuti mukuyankhula ngati Baibulo. Adzukulu anga amati wavaya. Wavayayo ndi has kapena went?

Aphunzitsi Opuma: Wavaya ndi has gone yemweyo bambo, ka -a- kaja sikanasinthe. Ndipo mwanena nokha kuti -da- ndi wa zakale, nanga bwanji agogo sankati chidapita?

Wa ku Dedza: Agogo sanapite kusukulu koma ankadziwa zomwe akunena. Went.

Make Awiri: Tsono mwana wafufuta went waika has gone, koma akufunsa za chaona koyambirira kuja, saw kapena has seen? Amalume ake akuti tsoka silipenya, alembe zoti chamugwera, ayambanso kukangana.