Pamene x² ili ndi nambala kutsogolo, ndiyambire pati?

Anzanga, ndithandizeni pa masamu a kusekondale awa. Za mtundu wa x² + 7x + 12 sizindivuta: ndimapeza 3 ndi 4, chifukwa kuchulukitsa zimapereka 12, kuphatikiza zimapereka 7.

Pandithina ndi pa 6x² + 11x − 10. Aphunzitsi amati tichulukitse 6 ndi −10, tipeze −60, kenako tisake manambala awiri opereka −60 pochulukitsa ndi 11 pophatikiza. Ndapeza 15 ndi −4, ndalemba 6x² + 15x − 4x − 10. Mbali yoyamba ikutuluka 3x(2x + 5). Nanga yachiwiriyo, nditulutse 2 kapena −2 kuti mabulaketi afanane? Komanso n'chifukwa chiyani timachulukitsa 6 ndi −10 poyamba?